Tayi: Yambirani pa Nkhope, Mtundu Ubwere Pomaliza

Amuna ambiri akafuna tayi amayambira pa mtundu. Amaima pamulu wa kaunjika kapena m'sitolo, diso n'kugwera pa yofiira yowala, n'kulipira. Za kolala ya shati imene tayiyo ikakhalepo amazikumbukira m'mawa wa tsiku la mwambo ataima pagalasi, ndipo nkhope yawo saiwerengera n'komwe. Ndondomeko yabwino imayenda chobwerera m'mbuyo. Nkhope ndi khosi ndizo zimasankha kolala, kolala imasankha mfundo, mfundo imauza munthu kukhuthala ndi kutalika kwa tayi yoti agule, ndipo mtundu umabwera zonsezi zitatha. Chifukwa chake n'chapafupi: nkhope simungaisinthe, shati simuisintha kawirikawiri, koma mfundo mukhoza kuimasula ndi kumanganso m'mphindi imodzi. Chinthu chosavuta kusintha ndicho chiyenera kugonjera chovuta kusintha.

Kolala ndi nkhope

Mukamanga batani lapamwamba la shati, nsonga ziwiri za kolala zimasiya mpata pakhosi. Mpata umenewu ndiwo mwini nkhani. Pa makolala ena nsongazo zimaloza pansi ndipo zimayandikana, kotero mpata umakhala wopanikizika. Pa ena nsonga zimatayana n'kuloza cha kumapewa, mpata n'kukhala waukulu. Palinso ena otayana kwambiri moti nsonga zimangotsala pang'ono kugona chopingasa, ndi ena ofewa amene nsonga zake zimamangidwa ndi timabatani pachifuwa cha shati.

Diso la munthu limatsata mizere. Nsonga zoloza pansi zimakokera diso m'munsi, ndipo nkhope imene ili pamwamba pake imaoneka yotalikirapo. Nsonga zotayana zimatengera diso m'mbali, nkhope n'kuoneka yotambalalako. Choncho munthu wa nkhope yozungulira, wamasaya odzaza, amapindula ndi kolala ya nsonga zoloza pansi, pamene wa nkhope yaitali ndi chibwano chosongoka amakhala bwino ndi kolala yotayana. Mukaphatikiza nkhope yozungulira ndi kolala yotayana kwambiri, mizere yonse imathamangira m'mbali, mutu n'kuoneka ngati wakhala pamapewa popanda khosi. Munthu wowonda nkhope akavala kolala ya nsonga zazitali zopanikizana amaoneka wowonda kuposa mmene alili. Amene nkhope yawo ili pakatikati ali ndi mwayi, pafupifupi kolala iliyonse imawayanja.

Khosi nalo lili ndi mbali yake. Kolala ili ndi kamzere ka nsalu koimirira kozungulira khosi, ndipo kamasiyana msinkhu shati ndi shati. Wa khosi lalifupi afune kotsika, chifukwa kotalika kamakankha chibwano ndi kupinda kolala. Wa khosi lalitali afune kotalikirapo kuti khosi lisatsale poyera.

Koma zonsezi n'zachabe ngati kolalayo si ya muyezo wanu. Nambala imene imalembedwa m'kati mwa kolala ndi kuzungulira kwa khosi. Mashati ochokera ku Britain ndi ku America amalemba m'mainchesi, monga 15½, 16 kapena 16½, pamene a mayiko ena a ku Ulaya amalemba m'masentimita: 15½ ndi 39, 16 ndi 41, 16½ ndi 42. Mukamanga batani lapamwamba, chala chimodzi kapena ziwiri zizilowa pakati pa kolala ndi khosi, osapitirira apo. Kolala ikakhala yaikulu, mukakoka tayi nsalu imakwinyika mozungulira khosi ndipo nsonga zimakwerana. Ikakhala yothina munthu amasiya batani osamanga n'kuyesa kutseka mpatawo ndi tayi, mfundo n'kumatsetsereka tsiku lonse. Palibe mfundo imene ingakonze kolala yolakwika muyezo, ndipo ndalama yoyamba ipite pa shati yokwana khosi, tayi ibwere pambuyo.

Mfundo zitatu

M'chaka cha 1999 akatswiri awiri a sayansi a pa yunivesite ya Cambridge, Thomas Fink ndi Yong Mao, anawerengera mwa masamu njira zomangira tayi ya utali wamba ndipo anapeza 85. Mwa zonsezo munthu wamba amafunikira zitatu zokha, ndipo chosiyanitsa chake chachikulu ndi kuchuluka kwa maulendo amene nsalu imazungulira. Mwa kawerengedwe ka akatswiriwo, mfundo yaing'ono ili ndi masitepe 4, yapakati 6, yaikulu 8. Sitepe iliyonse imawonjezera nsalu pakhosi ndi kuchotsa utali kumunsi.

Tayi ili ndi mbali yotambalala, imene tiitche lilime, ndi mbali yopyapyala, imene tiitche kamchira. Pomanga mfundo zonse zitatu kamchira sikayenda. Lilime ndilo limagwira ntchito.

Mfundo yaing'ono ndi imene Angerezi anaipatsa dzina lochokera ku ngolo yokokedwa ndi akavalo anayi m'zaka za m'ma 1800. Imitsani kolala, kolekani tayi m'khosi msoko uli m'kati, lilime likhale kudzanja lamanja ndipo litsike kuposa kamchira ndi masentimita pafupifupi 30. Pingasitsani lilime pamwamba pa kamchira kupita kumanzere, lidutse kumbuyo kubwerera kumanja, kenako lipingasenso kutsogolo kupita kumanzere. Likwezeni kuchokera kunsi kudzera m'mpata wa pakhosi, n'kulitsitsa kudzera m'kathumba kamene kapangika kutsogolo. Mfundo yake imatuluka yaitali, yopyapyala ndiponso yopendekeka pang'ono. Kupendekekako si kulakwitsa, ndi mmene mfundoyi ilili, ndipo ambiri odziwa kuvala amaikondera chomwecho chifukwa sioneka youma.

Yapakati, imene imadziwika kuti hafu Windsor, imayamba chimodzimodzi: pamwamba, kenako kumbuyo. Kusiyana kwake n'kwakuti lilime likatuluka kumbuyo, mumalikweza kutsogolo ndi kulilowetsa m'mpata wa pakhosi kuchokera pamwamba, kuti lipange phewa limodzi la mfundo. Kenako mumalipingasitsa kutsogolo, kulikweza kuchokera kunsi ndi kulitsitsa m'kathumba. Imatuluka ya makona atatu, yosakula kwambiri. Yaikulu, ya Windsor, imapanga mapewa awiri, lina kumanzere lina kumanja, lilime lisanapingase kutsogolo, motero imakhala yotambalala ndi yofanana mbali zonse.

Dzina la Windsor linachokera kwa Edward VIII, mfumu ya ku Britain imene inatula pansi ufumu m'chaka cha 1936 n'kupatsidwa udindo waulemu wokhala ndi dzina la Windsor. Mwiniwakeyo sankamanga mfundo imeneyi. Ankamanga yaing'ono ija, koma matayi ake ankasokedwa ndi nsalu yokhuthala m'kati, ndiye mfundo inkatuluka yonenepa. Anthu ofuna kumutsanzira ndi matayi awo opyapyala anayamba kuzunguliza kawiri kuti apeze kukula komweko. Nkhaniyi ili ndi ntchito kwa ife: kukula kwa mfundo sikudalira kamangidwe kokha, kumadaliranso nsalu. Tayi yokhuthala ya ubweya kapena ya poliyesitala yolemera ikamangidwa Windsor imatulutsa chimfundo chimene chimanyamula nsonga za kolala m'mwamba. Tayi ya silika yopyapyala ikamangidwa yaing'ono pa kolala yotayana imasiya mipata mbali zonse ziwiri, ndipo zingwe za tayi zolowa pansi pa kolala zimaonekera.

Mfundo izikhala m'mpata wa kolala monga chitseko chimakhalira pafelemu yake, osatsala mpata komanso osakankha. Kuti mudziwe ngati zatheka, yang'anani zinthu ziwiri pagalasi. Nsonga za kolala zizigona pachifuwa cha shati ngakhale mutatembenuza mutu. Zikadzuka, mfundo yakula. Batani lapamwamba ndi zingwe za m'mbali zisaoneke. Zikaoneka, mfundo yachepa kapena simunaikweze mokwanira. Kuchokera apa lamulo limadzipanga lokha. Kolala ya nsonga zoyandikana ndi ya timabatani zimafuna mfundo yaing'ono, yotayana pang'ono imalandira yaing'ono ya nsalu yokhuthala kapena hafu Windsor, ndipo Windsor yathunthu malo ake ndi pa kolala yotayana kwambiri basi. Ine ndimaona kuti Windsor imamangidwa mopitirira muyezo, makamaka pa maukwati, chifukwa anthu amaganiza kuti mfundo yaikulu ndiyo yaulemu. Pa munthu wamutu waung'ono ndi mapewa opapatiza imalanda diso lonse, oonerera n'kumayang'ana pakhosi m'malo mwa pankhope.

Pomangitsa, tsinani lilime pansi penipeni pa mfundo ndi chala chachikulu ndi chapakati, chala cholozera chili pakati, kuti papangike kakhwinya kamodzi kolowa m'kati. Kakhwinya kameneka kamathandiza mfundo kugwira ndipo kamachititsa tayi kutuluka pakolala itatukuka pang'ono m'malo mogona phwathalala.

Utali ndi mulifupi sizifuna mawu ambiri. Nsonga ya lilime ifike pa chitsulo cha lamba, ndipo kamchira kasapitirire lilime. Matayi ambiri ndi aatali masentimita pakati pa 145 ndi 150, ndipo a anthu aatali amafika cha m'ma 160. Pamene lilime latambalala kwambiri pazifanana ndi pamene kolala ya jekete yatambalala kwambiri. Pa masuti ambiri apa ndi masentimita 7 mpaka 9.

Tsopano mtundu

Ntchito ya mtundu wa tayi ndi kutsogolera diso kunkhope, choncho mtundu umayesedwa pafupi ndi khungu la wovalayo, osati uli padzanja la wogulitsa. Chofunika kuyang'ana poyamba si dzina la mtunduwo koma kuya kwake: kodi ndi woderapo kapena wowalirapo poyerekeza ndi shati ndi khungu? Lamulo lodalirika ndi lakuti tayi ikhale yoderapo kuposa shati. Zikatembenuzika, monga tayi yoyera pa shati yakuda, diso limakakamira pachifuwa.

Malangizo ambiri a za mitundu analembedwa poganizira anthu a khungu loyera, amene mitundu yamphamvu imawafooketsa nkhope. Munthu wa khungu lakuda ali ndi ufulu wochuluka, chifukwa nkhope yake imatha kupikisana ndi mtundu wakuya popanda kuzimirira. Maruni, buluu woderako, wobiriwira wakuya, pepo woderako ndi chikasu chopita ku golide zonse zimakhala bwino pansi pa nkhope yakuda. Zomuvuta ndi ziwiri. Choyamba ndi tayi ya bulawuni yofanana kuya ndi khungu lake, imene imasakanikirana ndi nkhope, khosi ndi tayi n'kuoneka chinthu chimodzi. Chachiwiri ndi shati yoyera mbee pamodzi ndi tayi yowala: kuwala konse kumakhala pachifuwa, ndipo pachithunzi kamera imayezera kuwala pa shatiyo, nkhope n'kutsala mumdima. N'chifukwa chake shati ya buluu wotuwira, ya mtundu wa mkaka kapena ya pinki wosawala nthawi zambiri imaonetsa nkhope yakuda bwino kuposa yoyera. Shati yoyera ili ndi malo ake, kutchalitchi, kumaliro ndi kumiyambo yaulemu waukulu, koma pamenepo tayi ikhale yakuya ndi yosanyezimira.

Wa khungu loyererako, lofiirira, asamale ndi chikasu chotuwa ndi mitundu ya mchenga, chifukwa imayandikira kwambiri khungu lake n'kumuonetsa ngati wodwala; buluu ndi wobiriwira wakuya zimamuyanja. Bambo amene imvi zayamba apeza kuti tayi yokhala ndi timadontho totuwa kapena buluu wofatsa imagwirizana ndi tsitsi lawo, ndipo zovala zonse zimaoneka kuti ndi za munthu mmodzi.

Kunyezimira ndi nkhani ina imene imanyenga ambiri. Tayi ya poliyesitala yosalala imaoneka yokongola m'sitolo yoyatsa magetsi, koma padzuwa kapena kamera ikathwanima imabweza kuwala mpaka mtundu wake kuoneka woyera. Silika wabwino amawala mofatsa, ndipo nsalu yolukidwa moonekera ulusi siwala n'komwe. Musanagule, tulukani nayo panja, muipinde kamodzi padzanja ngati mfundo, muiike pansi pa chibwano ndi kudziyang'ana pagalasi kapena pafoni. Diso lanu likayamba kugwera pa tayi kenako n'kukwera kunkhope, ili bwino. Likakhala pa tayi pomwepo, yakuposani mphamvu.

Poyesa pomwepo onaninso kasokedwe. Igwireni kukamchira ilendewere: tayi yabwino imatsika chowongoka, yoipa imapotoka. Kuyambira m'zaka za m'ma 1920, pamene Jesse Langsdorf wa ku New York anayambitsa njira yodula nsalu ya tayi chopingasa pa madigiri 45 ndi kuisoka m'zidutswa zitatu, matayi abwino amadulidwa chotero, ndipo n'chimene chimawachititsa kutamuka pomanga n'kubwerera m'malo mukamasula. Yodulidwa motsata ulusi pofuna kusunga nsalu imapotoka, ndipo mfundo yake simakhazikika ngakhale mutaimanga mwaluso.

Za maluwa ndi mizere, chachikulu ndi kusiyanitsa kukula. Shati ya timizere ting'onoting'ono imalola tayi ya mizere ikuluikulu kapena ya madontho otalikirana. Mizere yofanana kukula pa shati ndi pa tayi imachititsa maso kuchita chizungulire. Amene sakufuna kuganiza zambiri asankhe kuti chimodzi chokha mwa zitatu, suti, shati kapena tayi, chikhale ndi maluwa. Tinenenso modutsa kuti matayi a mizere yopendekeka a ku Britain poyamba anali zizindikiro za magulu a asilikali, masukulu ndi makalabu, ndipo mizere yake imatsika kuchokera kuphewa lamanzere la wovala kupita kumanja, pamene a ku America nthawi zambiri amatsika mbali inayo. Kuno palibe adzakufunsani za zimenezo, koma amene akupita ku Britain ndi tayi yotola pa kaunjika adziwe kuti ena kumeneko amaiwerenga ngati chizindikiro cha umembala.

Anthu awiri, tayi imodzi

Tiyerekeze mnyamata amene waitanidwa kumayeso a ntchito ya mu ofesi. Ndi wamfupi, masentimita 168, nkhope yozungulira, khosi lalifupi la 16½, khungu lakuda. Suti yake ndi yotuwa moderako ndipo kolala ya jekete ndi yotambalala masentimita 8. Ali ndi mashati awiri: yoyera ya kolala yotayana kwambiri, ndi ya buluu wotuwira ya nsonga zoloza pansi. Matayi ali nawo atatu: yofiira yonyezimira ndi yokhuthala, yakuda yopyapyala ya masentimita 5, ndi ya maruni ya silika yokhala ndi timadontho toyera, yotambalala masentimita 8, yaitali masentimita 148.

Mtima wake uli pa shati yoyera ndi tayi yofiira yomangidwa Windsor. Tiyeni tiyambire pankhope. Yozungulira ndi khosi lalifupi zikufuna mizere yotsika, choncho shati ya buluu yapambana, ndipo mtundu wake ukuthandizanso khungu lake. Kolala imeneyo mpata wake ndi wopanikizika, ndiye Windsor yagwa. Tayi yofiira, ngakhale itamangidwa mfundo yaing'ono, kukhuthala kwake kudzutsa nsonga za kolala, ndipo kunyezimira kwake kukopa maso a omufunsa kuchoka pankhope. Yakuda ndi yopyapyala kwambiri poyerekeza ndi kolala ya jekete ndi chifuwa chake, kotero imuonetsa wonenepa kuposa mmene alili, komanso tayi yakuda anthu ambiri amaiona ngati ya pamaliro. Yatsala ya maruni: ndi yoderapo kuposa shati, mulifupi wake ukufanana ndi wa jekete, ndipo timadontho take ndito maluwa okhawo pa zovala zonse.

Vuto likubwera pomanga. Mfundo yaing'ono imadya nsalu yochepa, ndipo mnyamatayu ndi wamfupi, choncho akaika nsonga ya lilime pa lamba, kamchira kakutuluka kunsi kupitirira lilime. Apa pali njira zitatu. Akhoza kuzunguliza lilime kawiri m'malo mwa kamodzi asanalikweze m'mpata wa pakhosi. Izi zimadya masentimita angapo ndipo mfundo imakhalabe yaitali, yosatambalala, yomwe ndi imene nkhope yake ikufuna. Akhoza kuyesa hafu Windsor, popeza silikayo ndi wopyapyala, n'kuona ngati nsonga za kolala zagonabe pachifuwa. Zikadzuka abwerere ku njira yoyamba. Kapena atengere tayiyo kwa telala akaifupikitse kukamchira, kumene kudula sikuononga maonekedwe a lilime. Chimene asachite ndi kulola lilime kutsika mpaka pazipi pofuna kubisa kamchira, chifukwa tayi yaitali chotero imafupikitsa miyendo m'maso mwa woyang'ana.

Tsopano tayi yomweyo aibwereke mkulu wake, wamtali masentimita 188, wowonda, wa nkhope yaitali ndi khosi lalitali. Iye kolala yomuyenera ndi yotayana, ndipo mpata wake ukufuna mfundo yodzaza. Akamanga Windsor ndi tayi ya masentimita 148, mfundo ikwana bwino pakolala koma nsonga ya lilime ithera pamwamba pa mchombo, kapena kamchira katsala kafupi kwambiri moti sikafika pa kalamba kokagwira kumbuyo kwa lilime. Pa iye nkhope ikufuna mfundo yaikulu pamene msinkhu ukukana. Ngati avala jekete yomanga mabatani kapena chovala cha m'kati mwa suti chophimba mimba, hafu Windsor imukwanira, chifukwa kufupika kwa kamchira sikuoneka. Ngati ayenda ndi shati yokha, afune tayi ya masentimita 160, kapena achite zimene ankachita Edward uja: apeze tayi ya nsalu yokhuthala, aimange mfundo yaing'ono, kukhuthala kwa nsaluyo kudzaze mpata wa kolala popanda kudya utali.

Madzulo, anthu awiri onsewa amasule mfundo pobwerera m'mbuyo mmene anamangira, osati kukoka kamchira mwamphamvu, chifukwa kukokako kumadula ulusi umodzi wautali umene wagwira msoko wa kumbuyo. Tayi yosiyidwa ili yomanga pamsomali imagwira makwinya osachoka pamalo a mfundo, ndipo thukuta la pakhosi limadetsa malo omwewo. Aikulunge padzanja kuyambira kukamchira n'kuigoneka usiku wonse, makwinya ambiri amatha okha. Otsalawo achotsedwe ndi nthunzi ya madzi otentha, osati kuponderezedwa ndi simbi, imene imaphwanyitsa m'mphepete mwa tayi ndi kusiya silika akunyezimira ngati wapsa.